Chaputala chikachoka m'buku, magwero ake amatsala kuti?

Lipoti la bungwe la IPCC la mu 2022, lofotokoza mmene kusintha kwa nyengo kukukhudzira anthu ndi chilengedwe, lili ndi masamba oposa 3,000. Ndi anthu ochepa amene analiwerenga lonse. Wa zaulimi kapena mtolankhani wa kuno amangotenga chaputala 9, chokamba za Africa, n'kusiya zina zonse. Akakumana ndi dzina la wofufuza ndi chaka pakati pa chiganizo, savutika, chifukwa mndandanda wa mabuku ndi malipoti amene olemba anatengamo mfundo uli kumapeto kwa chaputala chomwecho. Ukanakhala kumapeto kwa lipoti lonse, iye akanatsala ndi mayina okhaokha, osadziwa mutu wa nkhani imene yatchulidwa kapena kumene inasindikizidwa.

Mkonzi aliyense wa buku lalikulu amakumana ndi funso limeneli: magwero onse aikidwe pamndandanda umodzi kumapeto, kapena gawo lililonse likhale ndi wake? Chimene chimagamula kwenikweni ndi chakuti gawolo lidzawerengedwa palokha kapena ayi.

Buku la mlembi mmodzi, lotsata nkhani imodzi kuyambira koyamba mpaka kumapeto, limayenda bwino ndi mndandanda umodzi. Gwero limene latchulidwa m'machaputala asanu limalembedwa kamodzi, masamba sawonongeka, ndipo wofuna kudziwa ngati mlembiyo anawerenga buku lakutilakuti amayang'ana malo amodzi basi. Zakumapeto kwa buku lotere, monga mafunso amene anafunsidwa pa kafukufuku kapena matebulo aatali, zimasokedwa pamodzi ndi bukulo ndipo sizipita kwina kulikonse. Kuzipatsa mndandanda wakewake n'kungovutitsa wowerenga, amene tsopano ayenera kuganizira kaye kuti dzina limene akufuna lili pamndandanda uti.

Buku la alembi ambiri ndi lina. Masiku ano makampani osindikiza mabuku a maphunziro, monga Springer, amagulitsa chaputala chimodzichimodzi pa intaneti, chilichonse chili ndi nambala yakeyake ya DOI. Mphunzitsi wa ku yunivesite nayenso amajambulitsa chaputala chimodzi n'kugawira ophunzira. Chaputala chotere chili ngati munthu wa paulendo, ayenera kunyamula kamba wake. Mtengo wake ndi kubwereza: buku lotchuka likhoza kulembedwa kakhumi m'buku limodzi, mwina mosiyanasiyana, wina atalemba dzina la mlembi lonse, wina chidule. Komabe kubwerezako n'kopiririka poyerekeza ndi chaputala chimene mfundo zake sizingatsatidwe.

Mavuto enieni amabwera pamene mkonzi wasintha maganizo ntchito ili pakati, n'kufuna kuphatikiza mindandanda imene inali yosiyana. Mu 2019, IPCC inatulutsa malipoti awiri apadera: la nthaka mu Ogasiti, ndi la nyanja zamchere ndi madera a madzi oundana mu Seputembala. Tiyerekeze buku la alembi angapo. Wa chaputala 2 wagwiritsa ntchito la nthaka lokha, ndipo walemba kuti IPCC 2019. Wa chaputala 6 wagwiritsa ntchito la nyanja lokha, nayenso walemba kuti IPCC 2019. Wa chaputala 8 wagwiritsa ntchito onse awiri, ndiye wawasiyanitsa ndi zilembo, 2019a ndi 2019b. Malinga ngati aliyense ali ndi mndandanda wake, palibe cholakwika chilichonse.

Koma mindandandayo ikangothiridwa pamodzi, IPCC 2019 ya chaputala 2 ndi ya chaputala 6 zimaloza zinthu ziwiri ndi dzina limodzi. Mkonzi ayenera kuyamba wakonza mndandanda waukulu, kuchotsa zobwereza, kupereka zilembo mwatsopano kwa buku lonse, kenako kubwerera m'chaputala chilichonse kukasintha paliponse pamene lipotilo latchulidwa. Akadumpha malo amodzi, mfundo ya kukwera kwa madzi a m'nyanja imakalozera ku lipoti la nthaka. Choopsa chake n'chakuti patsambalo palibe chooneka cholakwika. Dzina lilipo, chaka chilipo, pamndandanda ziliponso. Amene amazindikira ndi wowerenga wakhama amene watsegula lipotilo n'kusapezamo mfundoyo, ndipo iye angaganize kuti mlembi ananama.

Zizindikiro zake n'zosavuta kufufuza. Pakapezeka 2019b pamndandanda wopanda 2019a, ndiye kuti pena panadulidwa mosasamala. Chaka chikalembedwa chopanda chilembo m'nkhani pamene pamndandanda chili ndi zilembo, malowo anadumphidwa. Kumene magwero amalozedwa ndi manambala, vutolo limakula: nambala 12 ya chaputala choyamba si nambala 12 ya chaputala chachinayi, ndipo kuphatikiza kumafuna kusintha nambala iliyonse kuyambira chaputala chachiwiri. Mapulogalamu monga Zotero amathandiza, koma nawo amapanga mndandanda umodzi pa fayilo imodzi, choncho wofuna mindandanda yosiyana amasunga chaputala chilichonse pa fayilo yakeyake kuyambira pachiyambi.

Nkhani ya zowonjezera za m'magazini a asayansi ndi yovutirapo, chifukwa apa zofuna za anthu awiri zimakokana. Nkhani yaikulu imakhala yaifupi, ndipo tsatanetsatane wa mmene kafukufuku anachitikira amaikidwa pa fayilo ina pa intaneti. Fayiloyo imatsegulidwa payokha, motero wowerenga amafuna kuti ikhale ndi mndandanda wake. Koma nkhokwe zimene zimawerengera kuti ntchito ya wasayansi yatchulidwa kangati, monga Web of Science ndi Scopus, zimatenga kwambiri mndandanda wa nkhani yaikulu. Mu 2008 magazini ya Nature inasindikiza kalata ya wasayansi wina wodandaula kuti magwero otchulidwa m'zowonjezera sakuoneka m'mawerengedwe amenewa.

Dandaulolo n'lomveka. Amene amakankhidwira ku zowonjezera nthawi zambiri ndi anthu amene anapeza njira yopimira, analemba pulogalamu ya kompyuta, kapena anakhala zaka zambiri akusonkhanitsa manambala a mvula ndi mitundu ya zomera. Ntchito yawo ndi imene yanyamula kafukufukuyo, koma pofunsira kukwezedwa pantchito kapena ndalama za kafukufuku wina, manambala awo amaoneka ochepa. Si chilungamo kuti munthu atayike chifukwa cha malo amene mkonzi anaika dzina lake.

Magazini ya Science inasankha mndandanda umodzi. Magwero otchulidwa m'zowonjezera zokha amalowa pamndandanda waukulu, manambala ake akupitirira pamene a nkhani yaikulu alekezera. Ngati nkhani yathera pa 40, gwero loyamba la m'zowonjezera limakhala 41. Nambala iliyonse imaloza chinthu chimodzi chokha, ndipo aliyense amawerengedwa. Chimene wowerenga nkhani yaikulu ayenera kuzolowera ndi kuona magwero ena pamndandanda amene sanakumane nawo m'nkhanimo. Magazini ya Journal of Neuroscience inatenga njira ina mu 2010, pamene inasiya kulandira zowonjezera, ndipo zimene zili zofunika pomvetsa kafukufuku zinayenera kulowa m'nkhani yeniyeniyo.

Mabuku ena amachita zonse ziwiri, mndandanda waufupi pa chaputala chilichonse ndi wina waukulu kumapeto. Zimatheka, koma zilembo ziyenera kuperekedwa kuchokera pamndandanda waukulu. Zikatero, chaputala 6 cha m'chitsanzo chija chidzakhala ndi IPCC 2019b popanda 2019a, ndipo mkonzi ayenera kulemba chiganizo chimodzi kumayambiriro kwa buku chofotokoza kuti zilembozo zikutsata buku lonse, kuti wowerenga chaputala chokhacho asaganize kuti pali gwero limene lasowa.