Tsamba limapanga shuga m'magawo awiri

Ophunzira ambiri okonzekera mayeso a MSCE amaloweza fomula iyi ya fotosinthesisi:

6CO₂ + 6H₂O → C₆H₁₂O₆ + 6O₂

Fomulayi ndi yolondola, koma munthu akaiona amayesa kuti madzi ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi zimangosakanikirana, shuga n'kutuluka. Si mmene zimayendera. Ntchitoyi ili ndi magawo awiri, ndipo gawo lililonse lili ndi malo akeake mkati mwa kloroplasiti.

Titenge tsamba la nyemba dzuwa litangotuluka. Gawo loyamba limachitikira mu girana, timatumba tosanjikizana momwe muli klorofilo, chinthu chobiriwitsa masamba chija. Klorofilo akakola kuwala, mphamvuyo imaswa madzi ochokera ku mizu. Okosijeni amatuluka m'tsamba kudzera m'timabowo totchedwa sitomata. Haidrojeni satayidwa: amanyamulidwa ndi NADP, yomwe imasanduka NADPH, ndipo mphamvu ina imasungidwa mu ATP. Mpaka apa shuga sanapangidwe ngakhale pang'ono.

Pamenepa m'pomwe ambiri amataya malikisi. Okosijeni wotulukayo amachokera m'madzi, osati mu kaboni dayokisaidi. Samuel Ruben ndi Martin Kamen anaonetsa zimenezi mu 1941: atapatsa ndere madzi okhala ndi okosijeni wolemera, O-18, anamupeza mu mpweya wotuluka.

Gawo lachiwiri limachitikira mu sitiroma, madzimadzi ozungulira girana. Kaboni dayokisaidi wolowera pa sitomata amagwidwa ndi enzayimu yotchedwa rubisko, kenako amalandira haidrojeni kuchokera ku NADPH, mphamvu yake ikuchokera ku ATP. Kaboni dayokisaidi mmodzi amadya ATP 3 ndi NADPH 2. Poti gulukosi mmodzi amafuna makaboni 6, pamapita ATP 18 ndi NADPH 12. Ndondomekoyi imatchedwa dzina la Melvin Calvin, yemwe analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1961. Shuga wotsala tsamba limamusunga ngati sitachi, n'chifukwa chake ayodini amalidetsa ngati linali padzuwa.

Mabuku ena amalitcha gawo la mumdima, ndipo ine dzina limeneli sindigwirizana nalo chifukwa lasocheretsa ana ambiri. Tanthauzo lake n'lakuti gawoli siligwiritsa ntchito kuwala mwachindunji, osati limachitika usiku. Limayenda masana omwewo. Tsamba silisunga ATP ndi NADPH wambiri, choncho dzuwa likalowa zimatha msanga, kupanga shuga n'kuima. Chimodzimodzi pa ng'amba: nyemba zikatseka sitomata poteteza madzi, kaboni dayokisaidi salowa, ndipo shuga amachepa ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Pokonzekera mayeso, tsekani buku, mudzifunse mafunso atatu pa gawo lililonse: likuchitikira pati, chikulowa n'chiyani, chikutuluka n'chiyani. Mukalemba yankho, musaiwale kutchula kuti ATP ndi NADPH ndizo zimalumikiza magawo awiriwa.