Musalipire mmisiri musanaone chimene chikukwiriridwa

Manachesi akagulidwa bwino kuno ku Mwanza, amalonda ambiri a kwa Nthache amaganiza zochoka pa benchi n'kumanga kagolosale ka njerwa. Mkangano ndi mmisiri umabuka khoma likang'aluka, ndalama zitadyedwa kale, ndipo aliyense amati mnzake ndiye wolakwa.

Musanagule thumba la simenti ngakhale limodzi, khalani pansi ndi mmisiriyo mulembe pepala limodzi. Palembedwe malo amene ntchito iziima kuti inu muione, chimene mukayeze pamenepo, ndi ndalama zimene alandire mukavomereza. Mawu akuti "amange bwino" sayezeka. Lembani zimene tepi ingatsimikize, musaine nonse pali mboni.

Titenge golosale ya mamita 3 m'lifupi ndi 4 m'litali, kuyeza m'kati. Poyamba kuima ndi pamene zingwe zakokedwa ndipo maziko akumbidwa, konkire asanathiridwe. Yezani kuchoka pa ngodya ina kufika pa ngodya yopingasa nayo: papezeke mamita 5, ndipo mbali inayo chimodzimodzi. Zikasiyana ndi masentimita oposa 2, nyumbayo yapotoka, ndipo mudzazionera pa malata amene sadzakhala bwino. Kukonza tsiku limenelo n'kusuntha zikhomo chabe. Ngalandeyo ifike pa dothi lolimba. Ambiri amagwirizana masentimita 60, koma ngati pansi pakadali pofewa kapena pali chiswe, akumbebe.

Pa matope omangira m'pamene ndalama zimathawira. Gwirizanani kuti thumba la simenti la makilogalamu 50 lizisakanizidwa ndi mawilibala atatu a mchenga, osefukira ayi. Mmisiri wofuna kusunga thumba lake amathira asanu, ndipo pa maso simungasiyanitse. Patatha sabata, kandani ndi msomali pakati pa njerwa. Akamayoyoka ngati mchenga wa kudambo, musavomereze khomalo. Werenganinso matumba opanda kanthu madzulo alionse. Musaiwale kuona pepala lakuda lapulasitiki pamwamba pa maziko njerwa zisanaliphimbe, chifukwa popanda ilo chinyezi chimakwera khoma n'kuumitsa shuga ndi mchere wanu m'mashelefu.

Pomaliza kuima ndi pa denga, pulasitala asanapakidwe. Mitengo ya denga ikhale yomangiriridwa ndi waya wolowa m'khoma mizere ingapo ya njerwa, osati kungoitsamiritsa pamwamba. Amene anaona mphepo ndi mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 safuna kuuzidwa kawiri.

Malipiro agaweni motsatira malo oimawa. Ngati mwagwirizana K400,000, mwachitsanzo, sungani K40,000 mpaka mvula yoyamba yamphamvu itagwa, muone ngati denga silikudontha. Mmisiri wina adzadandaula kuti simukumukhulupirira, choncho zimenezi zinenedwe tsiku loyamba, osati ntchito itatha. Nanunso mukaitanidwa kudzaona ngalande, pitani tsiku lomwelo, ngakhale likhale la msika. Mukachedwa, mmisiri ali ndi anyamata oti awalipire, athira konkire inu kulibe.