Kusintha Biti Imodzi Osasokoneza Zinzake

Pa bolodi ya Arduino Uno, imene ophunzira ambiri amayambira akafuna kudziwa zamagetsi, pali kachipangizo kakuda ka miyendo 28 kotchedwa ATmega328P. Aka ndi kakompyuta kathunthu, ndipo akatswiri amakatcha mayikirokontirola. Kalibe kiyibodi kapena sikirini. Ntchito yake ndi kuyatsa, kuzimitsa ndi kuyeza zinthu kudzera m'miyendo yake ija, imene timaitcha mapini. Nanga munthu amene akulemba pulogalamu m'chinenero cha C amawauza bwanji mapiniwa zochita?

Amawauza kudzera m'timalo tapadera ta m'chikumbumtima cha kachipangizoka, totchedwa marejisitala. Rejisitala imodzi ya ATmega328P imakhala ndi mabiti asanu ndi atatu. Biti ndi kamalo kamene kamasunga 0 kapena 1 basi, ndipo mabitiwa amawerengedwa kuchokera kumanja, kuyambira biti 0 mpaka biti 7. Chimene chimasiyanitsa rejisitala ndi malo ena osungira manambala n'chakuti yalumikizidwa ku zinthu zenizeni. Mukalemba 1 pa biti ina, pini imatulutsa mavoliti 5 nthawi yomweyo. Mukalembapo 0, magetsi amachoka.

Yerekezerani nyumba ya lendi ya zipinda zisanu ndi zitatu, imene maswichi ake onse ali pa bolodi imodzi pakhonde, koma bolodiyo inapangidwa moti munthu sangagwire swichi imodzi yokha. Akafuna kuyatsa m'chipinda chake, ayenera kutchera maswichi onse nthawi imodzi. Wosasamala amayatsa kwake n'kuthimitsira anzake onse. Vuto la marejisitala ndi limeneli: C amalemba rejisitala yonse, pamene inu mukufuna biti imodzi.

Tiyeni titenge ntchito yeniyeni. Tikufuna kachipangizo koyendetsa pampu yodzazira madzi m'thanki. Pampu imakoka magetsi ambiri zedi kuposa amene pini ingapirire, choncho pini 8 ingolamula tiranzisita ndi rile, ndipo rileyo ndi imene iziyatsa pampu. Pa pini 13 pali kale kanyali kakang'ono ka pabolodi, kamene tikufuna kaziphethira posonyeza kuti makina ali moyo. Mapini awiriwa ali m'gulu limodzi, gulu B. Pini 8 ndi `PB0`, kutanthauza biti 0, ndipo pini 13 ndi `PB5`, biti 5. Gululi lili ndi marejisitala atatu: `DDRB` imanena ngati pini ndi yotulutsa magetsi kapena yolandira, `PORTB` imayatsa ndi kuzimitsa, ndipo `PINB` ndi yowerengera zimene zili pa mapini.

Tinene kuti pampu ikuyenda, ndiye kuti `PORTB` ili ndi `00000001`. Wina n'kulemba mzere uwu kuti ayatse kanyali:

```c
PORTB = 0b00100000;
```

Kanyali kayakadi, koma pampu yaima. Chizindikiro cha `=` sichifunsa zimene zinalipo kale, chimangoika nambala yatsopano m'mabiti onse, ndipo biti 0 yalandira 0. Chovuta n'chakuti pulogalamuyi siidandaula chilichonse poimasulira, ndipo munthu akamayesa kanyali kokha patebulo zonse zimaoneka bwino. Amadzazindikira pampu italumikizidwa, rile ikungolira kuti tha, tha, nthawi iliyonse kanyali kakaphethira. Ambiri amayamba kukayikira mawaya kapena batire, pamene cholakwa chili mu mzere umodzi.

Njira yoyenera imayamba ndi kupanga masiki. Masiki ndi nambala imene ili ndi 1 pamalo okhawo amene mukufuna kukhudza. Mu C timalemba `1 << 5`, kutanthauza kuti tengani 1, mumukankhire kumanzere malo asanu. Zotsatira zake ndi `00100000`, yomwe ndi 32 m'mawerengedwe athu a tsiku ndi tsiku. Popeza dzina lakuti `PB5` limangoimira nambala 5, ndi bwino kulemba dzinalo, kuti wodzawerenga pulogalamu mawa adziwe pini imene ikunenedwa.

```c
DDRB  |= (1 << PB0) | (1 << PB5);
PORTB |= (1 << PB5);
```

Chizindikiro cha `|` chimayerekeza manambala awiri biti ndi biti, ndipo chimapereka 1 paliponse pamene pali 1 mbali imodzi kapena zonse. Ndiye `00000001` ikakumana ndi `00100000` pamatuluka `00100001`. Pamene masiki ili ndi 0, zakale zimatsala mmene zinalili. Kanyali kayaka, pampu ikupitiriza ntchito. Mzere woyamba uja wachita zomwezo ku `DDRB`, kusandutsa mapini awiriwo kukhala otulutsa magetsi, ndipo ukusonyezanso kuti masiki imodzi ingathe kunyamula mabiti angapo.

Kuzimitsa ndiye kumafuna kudekha, chifukwa kuli masitepe awiri. Chizindikiro cha `&` chimapereka 1 pokhapokha mbali zonse ziwiri zili ndi 1. Choncho biti iliyonse yokumana ndi 0 imafufutika, yokumana ndi 1 imapulumuka. Masiki imene tikufuna apa ndi yokhala ndi 0 pa biti 5 ndi 1 pena ponse, ndipo timaipeza potembenuza masiki yoyamba ija ndi chizindikiro cha `~`. Chimenechi chimasandutsa `00100000` kukhala `11011111`.

```c
PORTB &= ~(1 << PB5);
```

Tsopano `00100001` ikakumana ndi `11011111` pamatsala `00000001`. Kanyali kazima, pampu sinakhudzidwe. Koma chenjerani ndi chizindikiro cha `!`, chimene ongoyamba amachisokoneza ndi `~`. Icho sichitembenuza mabiti, chimangosandutsa nambala iliyonse yosakhala 0 kukhala 0. Mukalemba `PORTB &= !(1 << PB5)`, masiki yonse ndi 0, ndipo gulu lonse B limazima. Mukaona zinthu zonse za gulu limodzi zikufera pamodzi, yambani mwafufuza chizindikiro chimenechi. Ngati cholinga n'kuphethiritsa chabe, pali `^`: mzere wa `PORTB ^= (1 << PB5)` umayatsa biti ikakhala yozima, n'kuizimitsa ikakhala yoyaka.

Kachipangizo kathu kayeneranso kudziwa kuti thanki yadzaza. Tiika swichi yoyandama pa pini 2, yomwe ndi `PD2` ya gulu D, yolumikiza piniyo ku nthambo ya `GND` madzi akafika pamwamba. Pini ikakhala yolandira, kulemba 1 pa biti yake mu `PORTD` kumayatsa karezisita ka mkati kamene kamaikokera ku mavoliti 5. Motero pini imawerenga 1 thanki isanadzaze, ndi 0 ikadzaza. Koma `PIND` imabweretsa mapini onse asanu ndi atatu, kuphatikizapo pini 0 ndi 1 zimene zimasinthasintha bolodi ikamalankhulana ndi kompyuta. Masiki imaphimba onsewo n'kusiya imodzi.

```c
PORTD |= (1 << PD2);
if ((PIND & (1 << PD2)) == 0) {
    PORTB &= ~(1 << PB0);
}
```

Mabulaketi ali pamenepawa si okongoletsa. Mu C chizindikiro cha `==` chimagwira ntchito `&` asanagwire. Mukachotsa mabulaketi ozungulira `PIND & (1 << PD2)`, pulogalamu iyamba yafunsa ngati 4 ndi wofanana ndi 0, n'kupeza kuti ayi, ndipo funso lonse silidzakhalanso loona. Pampu siima, madzi amasefukira. Kulakwitsa kwina kofanana nako ndi kuyerekeza zotsatira ndi 1. Biti 2 ikayaka, masiki imatulutsa `00000100`, yomwe ndi 4, osati 1. Funsani ngati yankho ndi 0 kapena si 0, basi.

Pamene masiki imaonetsa phindu lake lenileni, kwa ine, ndi pa marejisitala amene mabiti angapo amagwirira ntchito limodzi ngati nambala imodzi. ATmega328P imatha kuyeza kuchuluka kwa magetsi pa mapini `A0` mpaka `A5`, koma choyezera chake n'chimodzi, ndipo rejisitala ya `ADMUX` ndi imene imasankha pini yoyezedwa. Mabiti anayi akumanja amasunga nambala ya pini. Awiri akumanzere kwenikweni amasankha muyezo wa magetsi woyerekezera, ndipo amenewa sitikufuna kuwasokoneza.

Tinene kuti batire ya sola tikuiyezera pa `A3`, kudzera m'marezisita otsitsa magetsi ake, ndipo choyezera kutentha kwa pampu chili pa `A4`. Poyeza batire, `ADMUX` ili ndi `01000011`. Munthu amene wazolowera `|=` amalemba `ADMUX |= 4` kuti asamukire pa `A4`. Koma `|` samafufuta kanthu. Mabiti `0011` akakumana ndi `0100` amapereka `0111`, yomwe ndi 7. Pa kachipangizo ka miyendo 28 kaja, njira 7 ilibe ndi mwendo womwe. Pulogalamu ipitiriza kupereka manambala, koma osagwirizana ndi kutentha kulikonse. Chizindikiro chake n'chodziwika: muyezo woyamba makina akangoyaka umakhala wolondola, otsatira onse n'kumasochera. Mankhwala ake ndi kufufuta kaye mabiti anayiwo, kenako n'kuikamo nambala yatsopano.

```c
ADMUX = (ADMUX & 0xF0) | 4;
```

Nambala ya `0xF0` ndi njira yachidule yolembera `11110000`. Imasunga mabiti anayi akumanzere, n'kufufuta akumanja, kusiya `01000000`, ndipo 4 akalowa timapeza `01000100`. Nambala ya pini ikakhala yochokera kwina m'pulogalamu, ndi nzeru kuiphimbanso ndi `& 0x0F`, kuopa kuti nambala yolakwika ingasefukire m'mabiti a muyezo woyerekezera.

Ngakhale zili choncho, `|=` si chida cha rejisitala iliyonse. Kumbukirani kuti mzerewu umachita zinthu zitatu: kuwerenga, kusintha, ndi kulembanso zonse. Pali marejisitala ena osunga zizindikiro zakuti chinachake chachitika, monga `TIFR1` ya chowerengera nthawi cha nambala 1. M'menemo biti imayaka yokha nthawi yoikika ikakwana, ndipo imafufutidwa polembapo 1, osati 0. Mukaiwerenga yonse n'kuilembanso, biti iliyonse imene inali 1 ilandira 1, ndiye kuti zizindikiro zimene mbali ina ya pulogalamu imadikirira zifufutika isanazione. Apa njira yabwino ndi `=` yomwe tinaikana poyamba ija: `TIFR1 = (1 << OCF1A)` imafufuta chizindikiro chimodzi, ndipo ma 0 opita kwinako sachita kanthu.

Palibe chimene chingakuuzeni zimenezi poyang'ana dzina la rejisitala. Zalembedwa m'buku lofotokoza kachipangizoka, limene kampani ya Microchip imapereka kwaulere, ndipo rejisitala iliyonse ili ndi tebulo lake losonyeza ntchito ya biti iliyonse, ngati ndi yowerengedwa kapena yolembedwa, ndiponso nambala imene imakhalamo makina akangoyaka. Musanalembe mzere wokhudza rejisitala yatsopano, tsegulani tebulolo, mulembe mabiti asanu ndi atatuwo papepala mmene alili, pansi pake masiki yanu, ndipo muwerengere zotsatira ndi dzanja musanalumikize pampu.