Masamu odziwira malire a tsoka ngakhale simudziwa mmene zinthu ziyendere

Tiyerekeze kuti pachipatala china chaching'ono, wosunga mankhwala akulemba oda ya mankhwala a malungo. M'kaundula mwake akuona kuti pa avareji amapereka mapaketi 200 pa sabata. Masabata ena amachepa, ena amachuluka. Shelefu yake imakwana mapaketi 360. Chimene chikumusowetsa mtendere ndi chimodzi basi: kodi mpata woti sabata ina odwala adzafune mapaketi 360 kapena kuposerapo ndi waukulu bwanji?

Katswiri wa ziwerengero angayambe ndi kufunsa mmene manambalawo amagawikira, ndiko kuti ndi masabata angati amene amagwera pa 150, angati pa 250, angati pa 400. Koma nthawi zambiri palibe amene amadziwa zimenezi bwinobwino. Chimene chilipo ndi avareji, ndipo mwina nambala ina yosonyeza kumwazikana. Chodabwitsa n'chakuti manambala awiriwa okha ndi okwanira kuika denga pa mpata wa tsoka, denga limene silingabooledwe ngakhale matendawo atabwera mwa mtundu wanji.

Denga loyamba limatchedwa lamulo la Markov, potsatira dzina la Andrey Markov wa ku Russia, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1856 mpaka 1922. Limafuna avareji yokha, bola chinthu chimene mukuwerengacho chisamatsike pansi pa ziro. Limalembedwa chonchi:

P(X ≥ a) ≤ μ / a

Apa μ ndi avareji, a ndi mlingo umene mukuuopa, ndipo P ndi mpata woti zichitike. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Tengani masabata 10 a avareji ya 200. Onse pamodzi ali ndi mapaketi 2,000, osaposera. Ndi masabata angati mwa amenewa angafike pa 1,000? Awiri okha, ndipo kuti zitero ndiye kuti masabata 8 otsalawo pasabwere wodwala ndi mmodzi yemwe. Atatu sangatheke, chifukwa angafune mapaketi 3,000 pamene onse alipo 2,000. Awiri pa 10 ndi 20 peresenti, chimodzimodzi ndi 200 kugawa ndi 1,000.

Kwa wosunga mankhwala uja, lamuloli silikumutonthoza kwenikweni. Akagawa 200 ndi 360 apeza pafupifupi 56 peresenti. Ndiye kuti mpata woti mankhwala afike pothera sungapose 56 peresenti. N'zoona ndithu, koma palibe angalembe oda ndi yankho lotere. Atafuna kuti Markov yekha amutsimikizire kuti mpatawo usapose 5 peresenti, angafunike kusunga mapaketi 4,000, kuwirikiza ka 20 zimene amapereka pa sabata. Ambiri angathe mphamvu ali pashelefu.

Lamuloli lilinso ndi msampha. Limagwira pa zinthu monga chiwerengero cha odwala, mamilimita a mvula kapena mphindi zodikira pamzere. Pa phindu la bizinesi, limene limatha kusanduka kuluza, limanama. Wamalonda amene theka la masiku amapindula 1,000 ndipo theka lina amaluza 600 ali ndi avareji ya 200. Markov anganene kuti masiku ofika pa 1,000 sangapose 20 peresenti, chikhalirecho ndi 50 peresenti. Manambala otsika pansi pa ziro amakokera avareji pansi n'kubisa akuluakulu aja.

Denga lachiwiri ndi lotsikirapo chifukwa limagwiritsa ntchito nambala inanso. Limadziwika ndi dzina la Pafnuty Chebyshev, mphunzitsi wa Markov ku St Petersburg, amene analisindikiza mu 1867. Mfalansa wina, Irénée-Jules Bienaymé, anali atalipeza kale mu 1853, n'chifukwa chake mabuku ena amalitchula ndi mayina onse awiri. Ngakhale lamulo la Markov lija limaoneka kale m'zolemba za Chebyshev; pa nkhani ya mayina, masamu sachita chilungamo nthawi zonse.

Nambala yachiwiriyo ndi sigima, yolembedwa σ, imene imayeza kutalikirana kwa manambala ndi avareji yawo. Poipeza, mumachotsera avareji pa nambala ya sabata iliyonse, n'kuchulukitsa kusiyanako ndi iko komwe. Kenako mumapeza avareji ya zotsatirazo, n'kufufuza nambala imene itachulukitsidwa ndi iyo yomwe ingapereke avareji imeneyo. Tinene kuti m'kaundula uja sigima yatuluka 40. Lamulo la Chebyshev likuti:

P(|X − μ| ≥ kσ) ≤ 1 / k²

M'mawu wamba, mpata wotalikirana ndi avareji ndi masigima k kapena kuposa, kaya m'mwamba kaya m'munsi, sungapose 1 kugawa ndi k kuchulukitsa ndi k. Pa masigima awiri ndi 1 pa 4, pa atatu ndi 1 pa 9. Kwenikweni ili ndi lamulo la Markov lomwe lija, kungoti laikidwa pa kusiyana kochulukitsidwa kuja, kumene sikungatsike pansi pa ziro ngakhale manambala enieniwo atatsika. Motero Chebyshev amagwira ntchito ngakhale kwa wamalonda woluza uja.

Tsopano tibwerere kushelefu. Kuchoka pa 200 kufika pa 360 pali 160, ndipo 160 kugawa ndi 40 ndi 4. Masigima anayi akupereka 1 pa 16, kapena kuti 6.25 peresenti. Denga latsika kuchoka pa 56 peresenti chifukwa cha nambala imodzi yowonjezera.

Pali kakuwongola kena. Chebyshev amaphatikiza mbali zonse ziwiri, sabata yochuluka kwambiri ndi yochepa kwambiri, pamene wosunga mankhwala akuopa mbali imodzi yokha. Anthu ambiri amangogawa yankholo pakati n'kunena kuti 1 pa 32. Kumeneko n'kulakwitsa, chifukwa palibe chotsimikizira kuti mbali ziwirizo n'zofanana. Yankho lolondola la mbali imodzi limadziwika ndi dzina la Francesco Paolo Cantelli wa ku Italy, ndipo ndi 1 / (1 + k²). Pa masigima anayi ndi 1 pa 17, pafupifupi 5.9 peresenti.

Wina amene anaphunzirako ziwerengero angatsutse pano. M'kalasi amaphunzitsa za kagawikidwe kooneka ngati belu, kamene manambala ambiri amaunjikana pakati ndipo akutali amasowa msanga. Pa kagawikidwe kameneka, pafupifupi 95 peresenti ya manambala imakhala mkati mwa masigima awiri, ndipo 99.7 peresenti mkati mwa atatu. Kupitirira masigima anayi mbali imodzi kumachitika katatu kokha pa maulendo 100,000. Ndiye bwanji kumvera Cantelli ndi 1 pa 17 wakeyo, ngati kuti mantha angomuchulukira?

Yankho lili m'kaundula wotheka ndithu. Onani masabata 17. Pa masabata 16 akupereka mapaketi 190 sabata iliyonse, kenako sabata imodzi malungo abuka ndipo apereka 360. Onse pamodzi ndi 3,400, ndipo kugawa ndi 17 kukupereka avareji ya 200 yeniyeni. Nanga sigima? Masabata 16 aja atalikirana ndi avareji ndi 10, ndipo 10 kuchulukitsa ndi 10 ndi 100, onse pamodzi 1,600. Sabata ya mliri yatalikirana ndi 160, zimene zikupereka 25,600. Kuphatikiza ndi 27,200, kugawa ndi 17 ndi 1,600, ndipo nambala imene ichulukitsidwa ndi iyo yomwe kupereka 1,600 ndi 40. Avareji ndi yomweyo, sigima ndi yomweyo, koma sabata yofika pa 360 ikubwera kamodzi pa 17 kulikonse. Munthu amene ali ndi manambala awiri okha aja alibe njira yosiyanitsira chipatala chotere ndi chipatala cha belu. N'chifukwa chake denga la Cantelli silingatsitsidwenso popanda kudziwa zina zowonjezera.

Kusiyana kwa maganizo awiriwa kumaoneka pa ndalama. Kuti mpata wa kutha kwa mankhwala usapose 5 peresenti, wokhulupirira belu asunga mapaketi 266, wotsatira Cantelli asunga 375, ndipo wotsatira Chebyshev asunga 379. Mapaketi opitirira 100 owonjezerawo ndiwo mtengo wa kusadziwa mmene manambala amagawikira. Ngati chinthucho n'chotchipa ndipo kutha kwake kungataye moyo, mtengowo ndi woyenera kulipira. Ngati n'chodula ndipo chimaonongeka msanga, n'kwanzeru kuyamba kusunga kaundula wautali kuti kagawikidwe kake kaoneke.

Amisika ya masheya anaona ndi maso kuopsa kodalira belu. Pa 19 Okutobala 1987, mlingo wa Dow Jones ku New York unagwa ndi 22.6 peresenti tsiku limodzi. Popeza pa tsiku wamba umasuntha ndi pafupifupi 1 peresenti, kugwa kumeneku kunali kwa masigima oposa 20. Malinga ndi belu, zimenezi sizikanachitika ngakhale msika ukanakhala ukutsegulidwa tsiku lililonse chiyambire chilengedwe. Chebyshev yekha sakanadabwa, chifukwa iye amangoti masigima 20 sangachitike koposa kamodzi pa masiku 400. Apanso pakuonekera kufooka kwake: kugwa kotere sikuchitika zaka ziwiri zilizonse. Lamuloli silinena mpata weniweni, limangonena pamene mpatawo sungadutse. Ndipo pa sigima imodzi kapena kucheperapo limapereka 100 peresenti kapena kuposa, zimene sizithandiza aliyense.

Vuto lalikulu kuposa onsewa lili pa manambala awiri aja. Malamulowa amafuna avareji ndi sigima zenizeni, pamene wosunga mankhwala ali ndi zimene wawerengera kuchokera m'masabata ochepa. Akanakhala kuti anawerengera masabata 16 abata okhaokha aja, sigima ikanatuluka ziro ndipo Chebyshev akanamuuza kuti palibe choopa. Mu 1984 akatswiri atatu, Saw, Yang ndi Mo, anasindikiza mtundu wa lamuloli umene umawerengera kuchepa kwa zolembedwa, ndipo umakweza denga pamene manambala ali ochepa. Nzeru yake ndi yomveka ngakhale popanda masamu ambiri. Ngati muli ndi masabata 20 ofanana khalidwe ndi yamawa, mpata woti sabata yamawayo ipose onsewo ndi pafupifupi 1 pa 21, kotero kaundula wamfupi chotere sangalonjeze chitetezo cha 1 peresenti.

Nyengo nayonso imasokoneza. Malungo amachuluka nthawi ya dzinja, choncho avareji ndi sigima zowerengedwa m'chilimwe sizinena kanthu za Febuluwale. Njira yabwino ndi kuwerengera nyengo iliyonse payokha. Palinso mayeso achidule amene aliyense angachite ndi kakyuleta: chotsani nambala yaikulu kwambiri m'kaundula n'kuwerengeranso sigima. M'chitsanzo cha masabata 17, sabata imodzi yokha inapereka 25,600 mwa 27,200, ndiko kuti 94 peresenti ya kumwazikana konse. Zikakhala chonchi, kapena sigima ikamangokwera nthawi iliyonse pamene masabata atsopano awonjezedwa, ndiye kuti sinakhazikike, ndipo denga lowerengedwa nayo likhoza kukhala lotsika kuposa loona. Pamenepo wolemba oda ayenera kufunafuna makaundula a zaka zam'mbuyo, makamaka za mliri, asanakhulupirire nambala ya 375.