Kuwerenga Miyezi ya Mwana Wobadwa Masiku Asanakwane Polemba Utali Wake pa Tchati

Tchati cha kakulidwe ka mwana chimene amagwiritsa ntchito ku sikelo chimafuna manambala awiri: utali wa mwana ndi miyezi yake. Miyezi ili m'munsi mwa tchati, masentimita ali m'mbali, ndipo kadontho ka mwana kamaikidwa pamene ziwirizi zakumana. Kwa mwana wobadwa masiku atakwana palibe chovuta, chifukwa miyezi imawerengedwa kuyambira tsiku lobadwa. Koma kwa mwana wobadwa masiku asanakwane, kuwerenga kuyambira tsiku lobadwa kumaika kadontho pamalo olakwika, ndipo mwana amene akukula bwino amaoneka ngati wapinimbira. N'chifukwa chake miyezi ya mwana wotereyu imayamba yakonzedwa kadontho kasanaikidwe.

Chifukwa chake miyezi imakonzedwa

Mimba yokwanira imawerengedwa kuti ndi ya masabata 40, ndipo mwana wobadwa masabata 37 asanakwane ndiye amatchedwa wobadwa masiku asanakwane. Ana otere ndi ambiri m'Malawi. Lipoti la padziko lonse limene linatuluka mu 2012 linayerekeza kuti ana pafupifupi 18 mwa ana 100 alionse obadwa m'dziko muno mu 2010 anabadwa nthawi isanakwane.

Matchati amene zipatala zambiri zimagwiritsa ntchito ndi a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, omwe anatuluka mu 2006. Anawapanga poyeza ana a ku Brazil, Ghana, India, Norway, Oman ndi America, ndipo makanda amene anawatsatira kuyambira pobadwa anali obadwa masiku atakwana. Choncho poyambira penipeni pa tchati pakuimira mwana amene wamaliza ulendo wake wonse wa m'mimba. Mwana wobadwa pa masabata 32 amakhala asanafike poyambirapo. Masabata 8 amene anzake amathera m'mimba akutalika, iye amawathera kunja, mwina m'chipinda cha ana osakwana masiku kapena pachifuwa pa mayi ake mwa njira ya kangaru. Kumuyerekeza ndi mwana wobadwa naye tsiku limodzi koma masiku atakwana n'kumuyerekeza ndi mkulu wake wa miyezi iwiri.

M'miyezi yoyamba kusiyana kumeneku n'kwakukulu chifukwa khanda limatalika mofulumira. Pa tchati cha anyamata, mzere wapakati uli pa masentimita 49.9 pobadwa, 58.4 pa miyezi iwiri, ndi 63.9 pa miyezi inayi. Pakati pa miyezi iwiri ndi inayi pali masentimita 5.5, ndipo mpata umenewu ndi wokwanira kuchotsa kadontho pamalo abwino n'kukagwetsera m'munsi mwa mizere yonse.

Kawerengedwe kake

Masamu ake ndi a masitepe awiri. Choyamba, kuchotsa masabata amene mimba inali nawo pobereka pa 40, kuti adziwike masabata amene mwana anafulumira. Chachiwiri, kuchotsa masabata ofulumirawo pa masabata amene mwana wakhala chibadwire. Zotsalazo ndiyo miyezi yokonzedwa, ndipo ndi imene imagwira ntchito pa tchati.

Pali njira ina yachidule yopereka yankho lomwelo. Wogwira ntchito ku sikelo amapeza tsiku limene mwana akanabadwa mimba ikanafika masabata 40, n'kulilemba moonekera m'buku la kuchipatala la mwanayo pafupi ndi tsiku lobadwa. Ulendo uliwonse mwana akabwera, miyezi ya pa tchati imawerengedwa kuyambira tsiku lachiwirili. Ubwino wake ndi wakuti masamu amachitika kamodzi kokha, ndipo aliyense amene adzatsegule bukulo sayambanso mwatsopano.

Nambala yochotserapo ndi 40, osati 37. Ena amasokonezeka chifukwa 37 ndiwo malire otchulira mwana kuti wabadwa masiku asanakwane, koma kuchotsera pa 37 kumasiya masabata atatu osakonzedwa. Kulakwitsa kwina kofala n'kutenga masabata anayi ngati mwezi wathunthu. Mwezi uli ndi masabata anayi ndi masiku awiri kapena atatu, kotero ndi bwino kuchita masamu onse m'masabata kapena m'masiku, n'kusintha kukhala miyezi pamapeto.

Chitsanzo cha mwana mmodzi

Mwana wamwamuna wabadwa pa 10 Malichi mimba ili ndi masabata 32. Wafulumira ndi masabata 8, omwe ndi masiku 56, choncho tsiku limene akanabadwa ndi 5 Meyi. Pa 10 Julaye mayi ake afika naye ku sikelo, ndipo atamugoneka pa bolodi loyezera, utali wake wapezeka kuti ndi masentimita 57.0.

Kuwerenga kuyambira pa 10 Malichi, mwanayu ali ndi miyezi inayi, kapena kuti masabata 17 ndi masiku atatu. Pa miyezi inayi, mzere wa -2 uli pa masentimita 59.7 ndipo wa -3 uli pa 57.6. Mwana amene kadontho kake kali pansi pa -2 amawerengedwa kuti ndi wopinimbira, ndipo amene kali pansi pa -3 ndi wopinimbira kwambiri. Masentimita 57.0 agwa pansi pa -3. Mayi wouzidwa zimenezi angayambe kukayikira mkaka wa m'mawere ake, mwinanso kuyamba kumupatsa mwana phala nthawi isanakwane, chonsecho vuto lili pa kawerengedwe.

Miyezi ikakonzedwa, pa masabata 17 ndi masiku atatu pachoka masabata 8, n'kutsala masabata 9 ndi masiku atatu. Kuwerenga kuyambira pa 5 Meyi kukupereka zomwezo: miyezi iwiri ndi masiku asanu. Kadontho tsopano kaikidwa pa miyezi iwiri, pomwe mzere wapakati uli pa 58.4 ndipo wa -2 uli pa 54.4. Mwanayu watsala masentimita 1.4 okha kuti afike pa mzere wapakati, ndipo ali pamwamba ndithu pa mzere wa -2. Mwana ndi yemweyo, utali ndi womwewo, koma tanthauzo lake lasinthiratu.

Kadontho kamodzi sikanena zonse. Chofunika kwambiri ndi njira imene timadontho tikulowera. Pa 10 Seputembala mwanayu wabweranso ali ndi miyezi isanu ndi umodzi chibadwire, yomwe ndi miyezi inayi yokonzedwa. Ngati utali wake wafika 62.5, ndiye kuti akadali masentimita 1.4 pansi pa mzere wapakati wa 63.9, ndipo akutsata njira yake bwinobwino. Koma ngati wangofika 59.0, watsika pansi pa mzere wa -2 wa 59.7 ngakhale miyezi yakonzedwa kale. Pamenepo kubadwa msanga sikungakhalenso chifukwa. Mwanayo ayenera kuyezedwanso kuti zitsimikizike, kenako kuonedwa ndi dokotala kapena namwino, amene adzafufuze kayamwidwe, sikelo yake, kukula kwa mutu ndi matenda amene angakhale akumubweza m'mbuyo.

Kulemba pa tchati ndi kuyeza kwake

Kadontho kokonzedwa kayenera kukhala ndi chizindikiro, apo ayi wodzawerenga mwezi wotsatira adzaganiza kuti mnzake analakwitsa. Njira imene matchati a ku Britain amalangiza ndi kuika kadontho pa miyezi yobadwa, n'kujambula muvi wobwerera kumanzere mpaka pa miyezi yokonzedwa. Nsonga ya muviwo ndiyo imawerengedwa. Kumene njirayi sikugwiritsidwa ntchito, kulemba pambali mawu akuti “miyezi yokonzedwa” kumathandiza chimodzimodzi. Choipa ndi kusakaniza, mwezi uno kukonza, mwezi wamawa osakonza, chifukwa mzere wa mwana umaoneka ngati wagwa mwadzidzidzi pomwe palibe chachitika.

Masamu olondola sapindula kanthu ngati utali wayezedwa molakwika. Mwana wosakwana zaka ziwiri amayezedwa atagona chagada pa bolodi, ndipo pamafunika anthu awiri. Mmodzi amagwira mutu kuti ukhudze thabwa lakumutu, maso akuyang'ana m'mwamba. Winayo amawongola mawondo mofatsa n'kukankhira thabwa loyenda kumapazi mpaka zidendene zitakhudza. Zipewa, masokosi ndi thewera lokhuthala zimachotsedwa. Khanda lopinda miyendo likhoza kutaya sentimita yathunthu kapena kuposerapo, ndipo pa msinkhu uwu sentimita imodzi si yochepa. Tchati cha anyamata ndi cha atsikana n'zosiyana, choncho manambala a m'chitsanzochi ndi a anyamata okha.

Malire a njirayi

Mwana asanafike tsiku limene akanabadwa, tchati cha WHO chilibe malo ake. Nthawi imeneyo zipatala zosamalira makanda zimagwiritsa ntchito matchati apadera, monga cha Fenton chimene chinakonzedwanso mu 2013, chomwe chimayambira pa masabata 22 mpaka 50 kuwerengera kuyambira pachiyambi pa mimba. Mwana wa m'chitsanzo chija, atakwana masabata atatu chibadwire, akanalembedwa pa masabata 35 a tchati chimenechi.

Kukonza kumadalira kudziwa masabata a mimba molondola. Sikani ya m'miyezi itatu yoyamba ndiyo yodalirika kwambiri, kenako tsiku limene mayi anayamba kusamba komaliza. Zonsezi zikasowa, anamwino amayerekeza poona khungu, makutu, zikhatho za kumapazi ndi kulimba kwa minofu ya khanda, koma njira imeneyi ikhoza kuphonya ndi masabata awiri. Kuchepa thupi pakokha si umboni wa kubadwa msanga. Mwana wobadwa pa masabata 39 akulemera makilogalamu awiri ndi wochepa thupi koma wokwana masiku, ndipo miyezi yake sikonzedwa. Kumuchotsera masabata kungabise vuto lenileni.

Kawirikawiri kukonza kumapitirira mpaka mwana atakwana zaka ziwiri. Malangizo ena amasiyira pa chaka chimodzi kwa ana obadwa pakati pa masabata 32 ndi 36, ndipo ena amafika zaka zitatu kwa obadwa masabata 28 asanakwane. Chifukwa chosiyira n'chakuti mwana akamakula amatalika pang'onopang'ono. Pakati pa miyezi 22 ndi 24, mzere wapakati wa anyamata umakwera ndi masentimita osakwana awiri, pomwe pakati pa miyezi iwiri ndi inayi unakwera ndi 5.5. Tsiku losiyira kukonza nalonso liyenera kulembedwa m'buku, popeza kadontho kamatsika pang'ono pa ulendo umenewo.

Miyezi yokonzedwa imagwira ntchito poona utali, sikelo, kukula kwa mutu, ndi nthawi imene mwana akuyembekezeka kuyamba kukhala pansi, kukwawa ndi kuyenda. Katemera yekha satsata miyezi yokonzedwa. Katemera wa pa masabata 6, 10 ndi 14 amawerengedwa kuyambira tsiku lenileni lobadwa, chifukwa mwana wobadwa masiku asanakwane ndiye ali pachiopsezo chachikulu cha matenda ndipo sayenera kuchedwetsedwa. Buku la kuchipatala la mwana wotere liyenera kukhala ndi masiku onse awiri: tsiku lobadwa la katemera, ndi tsiku limene akanabadwa la tchati cha kakulidwe.