Mizere Iwiri Yopezera Malo pa Mapu

Awerengi ambiri aonapo mizere yopingasana pa mapu a kusukulu, ndipo ena amayesa kuti inalembedwa kuti mapu akongole. Si choncho ai. Mizereyi ndi imene imauza oyendetsa sitima za pamadzi ndi ndege malo amene ali, ngakhale pakati pa nyanja pamene palibe phiri kapena mtengo woti azindikirepo. Pansi simungaione, pakuti ili pa mapu pokha.

Tengani dzungu lozungulira bwino, muliyese dziko lapansi. Kumene kuli phesi kukhale kumpoto, kunsi kwake kukhale kumwera. Tsono mangani luzi mozungulira pakati peni-peni pa dzungulo. Luzi limeneli ndilo Ikweta, ndipo nambala yake ndi 0. Mizere ina yonse yozungulira molingana ndi Ikweta imatchedwa latichudi, ndipo imatiuza kutalika kwa malo kuchokera ku Ikweta, kumka kumpoto kapena kumwera. Amaiwerenga m'madigiri, kuyambira 0 kulekeza 90 kumathero a dziko. Digiri imodzi ndi mtunda wa makilomita ngati 111, kapena titi mailosi 69. Digiri amaigawanso m'zigawo 60 zotchedwa maminiti, koma awa ndi maminiti oyezera mtunda, osati a pa wochi.

Tiyeni titenge Zomba. Latichudi yake ndi madigiri 15 ndi maminiti 23 kumwera. Kodi nambala imeneyi yokha ingamfikitse mlendo ku Zomba? Iai. Mzere umenewu umazungulira dziko lonse, ndipo Lusaka, mzinda waukulu wa Zambia, uli pafupi-fupi pa mzere womwewo, pa madigiri 15 ndi maminiti 25. Kumuuza munthu latichudi yokha kuli ngati kumuuza kuti nyumba yanu ili m'mbali mwa mseu, osatchula pamene atsikire.

Nchifukwa chake pali mizere yachiwiri, yotchedwa longichudi. Iyi ili ngati mizere ya dzungu lija, yochokera ku phesi kutsikira kunsi. Pano panali vuto, chifukwa dziko lilibe poyambira pachibadwa powerenga kum'mawa ndi kumadzulo. M'chaka cha 1884 nthumwi za maiko zinakumana ku Washington, nizigwirizana kuti mzere wopyola pa Greenwich, ku London, ukhale 0. Kuchokera pamenepo amawerenga madigiri 180 kum'mawa ndi 180 kumadzulo.

Longichudi ya Zomba ndi madigiri 35 ndi maminiti 19 kum'mawa, pamene ya Lusaka ndi madigiri 28 ndi maminiti 17. Apa ndiye pamene mizinda iwiriyi yasiyana. Koma longichudi nayonso payokha sikwanira: mukatsata mzere wa Zomba kumka kumpoto, mudzadutsa pafupi ndi Yerusalemu, amene ali pa madigiri 35 ndi maminiti 13. Mizere iwiriyi ikaphatikizidwa ndiye zimatheka. Mzere wa 15 ndi 23 kumwera umakumana ndi mzere wa 35 ndi 19 kum'mawa pa mphambano imodzi yokha pa dziko lonse, ndipo mphambano imeneyo ndi Zomba.

Onaninso dzungu lija. Mizere yake ndi yotalikirana pakati, koma imanka niyandikirana kufikira ikumana pa phesi. Longichudi imateronso. Pa Ikweta digiri imodzi ndi makilomita 111, kuno kwathu ndi ngati 107, ku London ndi ngati 70 okha. Tsono pakati pa Zomba ndi Lusaka pali madigiri 7, ndipo tikachulukitsa 107 kasanu ndi kawiri tipeza makilomita ngati 750, poyenda molunjika monga iulukira mbalame. Munthu wowerengera 111 awonjeza makilomita pafupi-fupi 30 amene kulibe.

Longichudi imayenderanso limodzi ndi nthawi. Dziko limatembenuka madigiri 15 pa ola limodzi, ndiye kuti digiri imodzi pa mphindi zinai. Motero dzuwa limafika paliwombo ku Zomba mphindi 28 lisanafike paliwombo ku Lusaka, chinkana mawochi a m'mizinda iwiriyi amanena nthawi imodzi. Amalinyero akale ankasunga wochi yonena nthawi ya ku Greenwich, ndipo poilinganiza ndi dzuwa la kumene ali ankadziwa longichudi yao.

Polemba nambalazi, yambani ndi latichudi, ndipo musaiwale mau akuti kumwera kapena kumpoto. Mukalemba 15 ndi 23 kumpoto m'malo mwa kumwera, mwamtumiza mlendo wanu ku dziko la Sudan, kum'mawa kwa Khartoum, makilomita ngati 3,400 kuchokera ku Zomba. Pa lamya za m'manja zosonyeza malo, kawiri-kawiri kumwera amakusonyeza ndi kamzere ka kuchotsera patsogolo pa nambala, ndipo maminiti amawasandutsa madesimo: Zomba amalembedwa -15.38, 35.32. Kamzere kameneka kakasowa, dziwani kuti malowo ali kutsidya kwa Ikweta.