Odwala akachuluka, kodi ndiye kuti matenda akufala?

Wailesi ikalengeza kuti anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV m'boma lakutilakuti achuluka, ambiri timangoti zinthu zavuta. Nthawi zina zimakhaladi zitavuta. Koma nthawi zina kuchulukako kumakhala umboni woti chipatala chikugwira bwino ntchito, chifukwa anthu amene kale akanamwalira ali moyo ndipo akuwerengedwabe. Wophunzira za kafalidwe ka matenda, kaya ku yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu kaya kwina kulikonse, amayamba ndi kulekanitsa zinthu ziwirizi, ndipo akazisokoneza pamayeso amalakwa funso lonse.

Nambala yoyamba m'kalasi amaitcha pirivalensi. Imayankha funso lakuti: pa anthu onse amene alipo lero, ndi angati ali ndi matendawa? Sifunsa kuti munthu anawatenga liti. Amene anawatenga mwezi watha ndi amene wakhala nawo zaka 15 onse amalowa m'gulu limodzi. Yachiwiri ndi insidensi, ndipo iyi imafunsa kuti: pa anthu amene analibe matendawa, ndi angati awatenga kumene m'nyengo yakutiyakuti, tinene chaka chimodzi?

Kafukufuku wa MPHIA, amene anayenda khomo ndi khomo m'Malawi muno mu 2015 ndi 2016 n'kumayeza anthu magazi, anapeza nambala zonse ziwiri. Mwa anthu a zaka 15 mpaka 64, amene anali ndi kachilombo anali 10.6 peresenti, kutanthauza munthu mmodzi ndi kapamwamba pa anthu khumi aliwonse. Koma otenga kumene pachaka anali 0.37 peresenti, pafupifupi anthu anayi pa 1,000 aliwonse, zomwe m'dziko lonse zinkakwana anthu pafupifupi 28,000. Kafukufukuyu atabwerezedwa mu 2020 ndi 2021, otenga kumene anali atatsika kufika pa 0.21 peresenti, anthu pafupifupi 20,000 pachaka, pomwe okhala ndi kachilombo anali 8.9 peresenti. Onani mmene nambala ziwirizi zayendera. Ya otenga kumene inatsika pafupifupi ndi theka, koma inayo inangotsika pang'ono. Wowerenga mosamala awonjezerepo kuti ulendo wachiwiriwu anawerenga aliyense wa zaka 15 kupita m'tsogolo, ndi agogo omwe, choncho 10.6 ndi 8.9 sizinayezedwe pa gulu lofanana ndendende.

Chifukwa chake chimaoneka bwino tikangopeka mudzi wa anthu 1,000, n'kuyerekeza kuti chaka chonse palibe wobadwa kapena wosamuka. Pa 1 Januwale anthu 100 ali ndi kachilombo. Pirivalensi ndi 100 pa 1,000, ndiye kuti 10 peresenti. Pofika Disembala anthu ena 9 atenga kachilomboka. Apa ndi pomwe ophunzira ambiri amaterereka: amagawa 9 ndi 1,000. Ayi. Anthu 100 aja sangatengenso kumene chinthu chimene ali nacho kale, choncho amachotsedwa. Amene akanatha kutenga ndi 900, ndipo 9 pa 900 ndi mmodzi pa 100 aliwonse pachaka.

Tsopano tinene kuti m'mudzimo mulibe ma ARV, monga zinalili kwa anthu ambiri boma lisanayambe kugawa mankhwalawa mwaulere mu 2004. Mwa odwala aja, 10 amwalira. Otsala ndi kachilombo ndi 99 pa anthu 990, ndiye 10 peresenti yomweyo. Wongoona nambalayi angati zinthu zaima pamodzi, chonsecho mudziwo walira maliro khumi. Bwerezani chaka chomwecho mankhwala alipo. Wamwalira mmodzi yekha, ndipo poti munthu womwa mankhwala mokhulupirika sapatsira mnzake mwachisawawa, otenga kumene ndi asanu okha. Okhala ndi kachilombo tsopano ndi 104 pa anthu 999, kapena kuti 10.4 peresenti. Nambala yakwera, koma maliro achepa ndipo kufala kwa matenda kwachepanso. Zili ngati madzi a m'thanki ya pasukulu: kuchuluka kwake kumadalira amene akulowa ndiponso amene akutuluka, ndiye mukamata pobooka madzi amakwera ngakhale mpopi ukungodontha.

Ndiye chifukwa chake mabuku amati, zinthu zikakhala kuti zakhazikika ndipo matendawo si a anthu ochuluka kwambiri, pirivalensi imayandikira insidensi kuchulukitsa ndi kutalika kwa nthawi imene munthu amakhala ndi matendawo. Matenda okhalitsa, monga shuga, kuthamanga kwa magazi ndi HIV, amaunjikana. Kolera ndi yosiyana. Mliri umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unagwira anthu oposa 50,000 n'kupha oposa 1,700, komabe mukanati muyende m'midzi tsiku limodzi kuwerenga odwala, mukanapeza ochepa poyerekeza ndi nambala imeneyi, chifukwa wodwala kolera amachira kapena kumwalira m'masiku owerengeka. Pa kolera anthu a zaumoyo amawerenga odwala atsopano tsiku ndi tsiku. Sikuti pirivalensi ndi yachabe. Amene akuitanitsa ma ARV a chaka chamawa akufuna kudziwa anthu onse ofunika mankhwala, ndipo imeneyo ndiyo nambala yake. Koma wofuna kudziwa ngati ntchito yopewa ikuphula kanthu ayang'ane insidensi.

Vuto lake n'lakuti insidensi ndi yovuta ndiponso yodula kupeza. Njira yodalirika ndi kutenga anthu amene alibe matenda n'kumawayeza mobwerezabwereza kwa miyezi kapena zaka. Koma anthu si mitengo. Wina amapita ku Joni patatha miyezi isanu ndi umodzi, wina amakwatiwa kutali, wina amangoleka kubwera. Pofuna kuti aliyense awerengedwe molingana ndi nthawi imene anaonedwa, ofufuza amaphatikiza nthawi ya anthu onse pamodzi. Amene anatsatidwa zaka ziwiri amapereka zaka ziwiri, wa ku Joni uja amapereka theka la chaka. Mukamva kuti awiri pa zaka 100 za anthu, tanthauzo lake n'lakuti mutatsata anthu 100 kwa chaka chathunthu, kapena 50 kwa zaka ziwiri, mungayembekezere odwala atsopano awiri.

Nambala yachitatu imabadwa pa yachiwiriyi. M'kalasi amati relativu risiki, ndipo ndi kuyerekeza chiopsezo cha magulu awiri: mumatenga insidensi ya gulu lina n'kuigawa ndi ya gulu linzake. Yankho likakhala 1, magulu awiriwo ndi ofanana. Likaposa 1, gulu loyambalo lili pachiopsezo chachikulu. Likachepera 1, pali china chimene chikuliteteza.

Nkhani ya mdulidwe wa abambo ndi chitsanzo chabwino, chifukwa pafupifupi aliyense anamvapo zoti mdulidwe umachepetsa chiopsezo ndi 60 peresenti, koma ndi ochepa amene amadziwa kumene nambalayo inachokera. Inachokera ku Orange Farm, dera lina kufupi ndi Johannesburg, pa kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2005. Anyamata oposa 3,000 a zaka 18 mpaka 24 anagawidwa pawiri mwa maere. Ena anadulidwa nthawi yomweyo, ena anauzidwa kuti adikire. Mwa odulidwa, 20 anatenga kachilombo. Mwa odikira, 49. Atawerengera nthawi imene aliyense anatsatidwa, zinatuluka 0.85 pa zaka 100 za anthu mbali ya odulidwa, ndi 2.1 mbali inayo. Gawani 0.85 ndi 2.1, mupeza 0.40. Ndiye kuti chiopsezo cha odulidwa chinali magawo anayi pa khumi a chiopsezo cha anzawo, ndipo magawo asanu ndi limodzi amene achokapo ndiwo 60 peresenti ija. Kafukufuku wina ku Kisumu m'dziko la Kenya ndi ku Rakai m'dziko la Uganda anapeza kuti chiopsezo chimatsika ndi theka ndi kapamwamba.

Pali zinthu ziwiri zimene nambalayi sinena. Choyamba, sinena kuti wodulidwa sangatenge. Anyamata 20 aja anali odulidwa. Chachiwiri, siulula kuti chiopsezocho chinali chachikulu bwanji poyamba. Ku Orange Farm, pa anyamata 1,000 osadulidwa, pafupifupi 21 ankatenga kachilombo pachaka, ndipo mdulidwe unatsitsa nambalayo kufika pa 8 kapena 9. Opulumuka ndi 12 kapena 13. Koma kudera kumene otenga ali awiri okha pa 1,000, 60 peresenti yomweyo ingapulumutse munthu mmodzi basi. Ine ndimaona kuti mtolankhani wolemba zoti chakudya china chimawirikiza kawiri chiopsezo cha khansa, osanena kuti kuchoka pa angati kufika pa angati, waopseza owerenga popanda kuwauza kanthu. Kuchoka pa mmodzi kufika pa awiri mwa anthu 100,000 ndi kuwirikiza kawiri, kuchoka pa 10 kufika pa 20 mwa anthu 100 ndi kuwirikizanso kawiri.

Nanga maere aja anali a chiyani? Malawi yemweyu akupereka yankho. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lonse wa mu 2004 ndi wa mu 2010 anapeza kuti amuna odulidwa ndiwo anali ndi kachilombo ochulukirapo kuposa osadulidwa, ndipo ena anagwira pomwepo n'kumati mdulidwe ndi bodza. Koma imeneyo inali pirivalensi, chithunzi cha tsiku limodzi, chosanena kuti munthu anadulidwa asanatenge kapena atatenga kale. Komanso odulidwa ambiri nthawi imeneyo anali a m'chigawo cha kum'mwera, kumene kachilombo kanali kofala kale pa zifukwa zina, ndipo mdulidwe wa kusimba sumachotsa khungu lonse nthawi zonse monga amachitira kuchipatala. Magulu awiriwo anali osiyana pa zambiri, osati pa mdulidwe wokha. Maere amathetsa zimenezi chifukwa amamwaza olemera ndi osauka, okonda akazi ndi odziletsa, mbali zonse ziwiri mofanana, n'kusiya chinthu chimodzi chokha chosiyana.

Choncho nambala ya matenda ikakupezani pa wailesi kapena m'nyuzipepala, musathamangire kudandaula kapena kusangalala. Funsani kaye ngati akuwerenga odwala onse kapena atsopano okha, ndipo pa anthu angati, m'nyengo yotalika bwanji. Akakuuzani kuti chiopsezo chatsika ndi theka, afunseni kuti theka la chiyani.